Phazi Lodzola Vaselini

Mapazi a mkazi wanga sindinkawadziwa. Ndinali nditakhala naye zaka zoposa makumi awiri, moti akatsokomola m'tchalitchi chodzaza ndinkadziwa kuti ndi iyeyo, koma kupansi kwa phazi lake ndinali ndisanakuyang'anepo bwinobwino. Ndani amayang'ana kumeneko? Mwini wake yemwe sakuonako.

Tinkakhala ku Isipingo, ku Durban, m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya bambo wina wogulitsa matayala. Ine ndimasamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi a ku Westville. Iye amachapa, kusita ndi kukolopa m'fulati ina ku Musgrave, woyimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi ankakhala pakhomo, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, akukwecha zidendene ndi mwala umene anachokera nawo kwathu ku Chiradzulu. Lamulungu lina anandiitana kuti ndimuonere ngati walasidwa ndi munga, chifukwa akamaponda ankamva ngati mu nsapato mwalowa kamchenga.

Ndinagwada n'kutukula phazi lamanzere. Munga panalibe. Panali banga lakuda chakutsogolo kwa chidendene, lalikulu ngati ndalama yachitsulo. Silinali lozungulira ayi, m'mbali mwake munali mokhotakhota ngati pamene padonthera inki pansalu. Mbali ina linali bii, mbali ina lofiirira. Ndinamufunsa kuti layamba liti. Anati mwina anabadwa nalo, iye angadziwe bwanji za kumene maso safika. Ndinati tingomutumizira mlongo wake.

Mlongo wake wamng'onoyo, mlamu wanga, ndi kilinikala ofisala pachipatala china chaching'ono kumudzi, ngakhale kwathu onse amangoti adokotala. Ife a kuno tinali titamusandutsa chipatala chathu cha m'thumba. Munthu wa kwathu akatuluka zinazake pakhungu, m'malo mokafola pakiliniki tsiku lonse n'kumafunsidwa mapepala, ankabwera kwa ine, ine n'kujambula, n'kutumiza pa watsapu. Ndipo nthawi zambiri zinkathandiza, ndisaname. Mnzanga wina wa ku Mangochi, amene amasoka makatani, anatuluka matuza oyaka ngati moto kuyambira pamsana kudzafika pachifuwa, mbali imodzi yokha. Mlamu atangoona anati zikuoneka ngati mashingozi, athamangire kukiliniki lomwelo chifukwa mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa msanga. Zinalidi zomwezo. Chipere cha ana ankachizindikira. Choncho ine ndinkaona ngati foni ndi mlamu zikakumana, nkhani yatha.

Ine ndi mlamu wangayo sitilankhulana ngati anthu. Chilamu chathu ndi chachipongwe kuyambira tsiku la chinkhoswe. Iye amanditcha wakuba, akuti ndinaba mlongo wake n'kuthawira naye ku Joni. Ine ndimamutcha sing'anga wa panado. Ndiye nditatenga foni kuti ndijambule, ndinayang'ananso phazi lija n'kuima. Chidendene chinali chong'alukang'aluka, chotuwa ngati nthaka ya mu Okutobala. Mumtima ndinati chithunzi ichi chikafika kumudzi sichithera pa mlamu. Aonetsa apongozi, aonetsa azakhali, mawa mudzi wonse ukunena kuti mwana wathu akuyenda ndi zikang'a ku Durban pamene mwamuna wake akujambulitsa atavala jekete.

Ndinatenga mwala uja n'kukwecha ndekha, pabanga pomwepo ndi ponseponse, mpaka iye anati abambo mukundipweteka. Pakati pa banga panatuluka kamagazi pang'ono, ndinapukuta. Kenako ndinatapa Vaselini ndi chala n'kudzoza phazi lonse mpaka linawala ngati nsapato ya mkwati. Tinalowa m'nyumba kuti anthu a pabwalo asatione, ndinayatsa fulashi, n'kujambula pafupi kwambiri kuti ming'alu isalowemo. Chinatuluka chithunzi chokongola ndithu. Ndinatumiza.

Yankho linabwera ndi mawu ojambula. Mlamu ankaseka mpaka kutsamwa. Anafunsa ngati ndamutumizira phazi la achemwali ake kapena chitumbuwa chongochoka m'mafuta. Anati pakati penipeni, pamene iye amafuna kuona, pali kuwala kwa fulashi kokhakokha. Sakudziwa ngati chinthucho ndi chachikulu ngati nyemba kapena ngati mbale. Sakudziwa n'komwe kuti ndi phazi liti ndi mbali iti. Anandiuza kuti nditsuke mafutawo, ndidikire mawa, ndimutulutse panja pamthunzi pamene pali kuwala kwa tsiku, fulashi ndizimitse. Ndijambule china chapatali choonetsa phazi lonse, china chapafupi nditaika ndalama yachitsulo pambali, china chochokera cham'mbali.

Ndinatukwana pang'ono, koma ndinachita. M'mawa mwake tisanakwere takisi, minibasi ya kuno, ndinamukhazika pampando pabwalo, ming'alu ndi zonse zili poyera, ndalama ya thu randi ili pambali pa banga. Banga linatsala pang'ono kufanana nayo.

Masana ndikudula mpanda wa maluwa ku Westville, foni inalira. Sanali mawu ojambula, anaimba ndithu, iye amene amalira ndi mayunitsi tsiku lililonse. Ndipo sanati wakuba. Anati alamu. Anafunsa mafunso ambiri: layamba liti, likukula kodi, limatuluka magazi lokha, pakati pake ndi potukuka kapena ndi pafulati, m'phechepeche muli mwanabere? Ambiri mwa mafunsowo ndinalibe yankho lake. Kenako anati achemwali apite kuchipatala sabata yomweyo, akaonedwe ndi dokotala wa khungu.

Ndinamuuza kuti atchule dzina la mankhwala basi, ndikagula ku famase pobwerera. Anakana. Apa mutu wanga unatentha. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amene anakhalapo nane akudziwa, ndipo sindibisa. Ndinaponya sizasi pakapinga n'kuyamba kukalipa m'Chichewa pakati pa Westville, galu wa bwana akuuwa. Ndinati ana a eni ake umawauza matenda pa chithunzi chimodzi, lero mlongo wako weniweni ndakutumizira zitatu ukuti sukudziwa? Unkaphunzira chiyani zaka zonse zija, kuwerenga mapanado?

Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anati:

"Alamu, inu mukamagula mapeyala pamsika, mumagula poyang'ana?"

Ndinati asandiuze za mapeyala.

"Mumadina. Ine pano sindingadine. Chithunzi chandiuza kuti ichi si chodikira nacho, ndipo pamenepo chagwira ntchito yake. Koma kuti ndi chiyani, chalowa mkati bwanji, chithunzi sichinganene. Likhoza kukhala banga wamba, akhoza kukhala magazi ouma pansi pa khungu, chikhoza kukhala china chimene sindikufuna kuchitchula pafoni. Ndikakupatsani dzina la mafuta mudzola miyezi itatu, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ndikuikana. Ameneyo anandibereka kumbuyo ine."

Ndinadula foni osatsanzika. Ndinatola sizasi ija n'kubwerera kumpanda ndili ndi mantha. Sikuti mawu akewo ndi amene anandiopsa. Chinandiopsa n'chakuti foni yonse ija munthu uja sanandinyoze ngakhale kamodzi.

Vuto linali kumuuza mwini phazi. Mkazi wanga kuyambira chaka chimene eni dziko anathamangitsa alendo, ife n'kukagona m'matenti pabwalo la mpira, anatseka pakamwa pake pagulu. M'takisi salankhula. Foni ikalira amaidula. Chizulu amamva, koma akayankha lilime limamuwulula, ndiye amangogwedeza mutu. Kukiliniki anali atapitako kamodzi kokha, ndipo anabwerako atamva mawu ena pamzere amene sanafune kundiuza, podziwa kuti ndipita kukawafunafuna anthuwo. Nditamufotokozera za mlongo wake, anapitiriza kupinda zovala osandiyang'ana. Anati phazi silikupweteka. Anati madamu a ku Musgrave sakonda munthu wojombajomba. Anati titumizenso chithunzi china chooneka bwino, mwina mwanayo sanaone bwino.

Masiku angapo tinakhala tikukokana. Ndinakalipa, sizinathandize. Ndinanyanyala chakudya, anangovundikira mbale n'kukagona. Lamulungu lotsatira atakhalanso pakhomo ndi beseni lake, ndinamulanda mwala uja n'kuuika m'thumba, ndinakhala pansi pa simenti n'kuika phazi lake pamwendo panga. Ndinadina pabangapo ndi chala monga ananenera mlamu. Pakati pake panali kolimba, kotukuka pang'ono, kamene pa zithunzi zonse zija sikankaoneka. Ndinatenga chala chake n'kuchiika pomwepo kuti amve yekha. Anadinapo kawiri.

Ndinamuuza kuti mwana wathu wamkazi ali fomu fili kumudzi, ndipo ine sindidziwa kulankhula naye popanda kukalipa, ndiye asandisiyire ntchito imeneyo. Ndinati kuchipatalako iye asatsegule pakamwa, ndikalankhula ndine.

Anaseka koyamba sabata imeneyo. "Inuyo ndiye amene ndikukuopani, abambo. Mukakayamba zanu zija atithamangitsa tonse."

Tinapangana kuti ndikayamba kutentha azinditsina pantchafu, ndipo akanditsina ndizitseka pakamwa. Pangano limeneli linandisiyira mabala, koma ndinalisunga.

Kukiliniki tinafola kuyambira m'mawa. Munthu wina atatidumpha pamzere ndinatsinidwa. Kalaliki atabwereza kufunsa za pasipoti ndinatsinidwanso. Titalowa, tinapeza nesi wachikulire wachizulu, wa magalasi olendewera pachingwe, wosaseka. Ine pofuna kuti mkazi wanga asavutike, ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Anangochiponyera diso n'kukankha dzanja langa.

"Baba, ngifuna unyawo, hhayi ifoni."

Ankafuna phazi, osati foni. Mkazi wanga anavula nsapato. Nesi uja anavala magolovesi, anagwira, anadina, n'kutsitsa magalasi ake. Anafunsa funso m'Chizulu, ndipo ndisanayankhe ine, mkazi wanga anayankha yekha ndi Chizulu chake chothyokathyoka. Nesiyo sanakweze n'komwe nsidze. Anangoti "yebo, mama," n'kupitiriza kulemba. Kenako anapempha chilolezo, anatenga foni ya pantchito, anaika kachingwe koyezera pambali pa banga n'kujambula yekha. Anati atumiza kwa madokotala a khungu kuchipatala chachikulu pamodzi ndi zimene wapeza ndi manja ake, kuti aone ngati ndi za mzere wautali kapena waufupi. Tsiku limene anatipatsa linali lapafupi kwambiri moti mayi wina amene tinali naye pabenchi anati tili ndi mwayi. Ine sindinauone ngati mwayi. Ndinadziwa kuti a chipatala sathamangira munthu chifukwa chomukonda.

Dokotala wa khungu anali mayi wachimwenye wocheperako msinkhu kwa ife, wolankhula mofulumira. Anali ataona kale chithunzi cha nesi chija pa kompyuta. Ndinaganiza kuti basi atiuza. M'malo mwake anauza mkazi wanga kuti apite kuseri kwa katani avule, avale chovala cha chipatala. Ndinaimirira. Ndinati vuto lili kuphazi, kuvula kwabwera bwanji? Kunalibe wonditsina chifukwa anali atalowa kale kukatani, koma mawu ake anatulukira komweko, m'Chichewa, mokweza, pamaso pa dokotala ndi nesi:

"Abambo, khalani pansi."

Ndinakhala. Dokotala anati ngati mwini wake alola ndikhoza kulowa n'kumaona. Analola.

Zimene ndinaona mmenemo ndimazikumbukira kuposa za opaleshoni. Mayi uja anayamba ndi kumutu, kupatula tsitsi ndi zala. Anayang'ana kuseri kwa makutu, msana wonse, zikhatho, chikhadabo chilichonse, pakati pa zala zonse za kumapazi, ndi phazi linalo lomwe ife sitinaliganizireko. Pantchafu panali kotupa kena kakuda, kolimba, kamene ine ndinkakaona kwa zaka ndipo tsiku limenelo ndinali nditayamba kukaopa kuposa banga lija. Anakatsina m'mbali ndi zala ziwiri, kanalowa mkati ngati kachitsime ka patsaya, n'kunena kuti aka n'kosaopsa, tikasiye. Ndikanakajambula ine, woona chithunzicho akanati ndiye matendawo. Kenako anadina m'phechepeche mbali zonse ziwiri ndi kuseri kwa bondo, pang'onopang'ono, maso ali kudenga ngati munthu amene akumvetsera. Anati sakumva mwanabere aliyense wotupa, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino.

Pomaliza anafika pabanga. Analisisita ndi chala, anadina pakati. Anafunsa amene anakwecha pamenepo. Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinafunsa ngati mwala uja ndi umene unayambitsa. Anati ayi, mwala suyambitsa zimenezi, koma ndisadzakwechenso chifukwa ndinasupula pamwamba pamene iye amafuna kuwerenga. Anatulutsa kachipangizo kokhala ngati tochi yokhala ndi galasi lokulitsa, anakagunditsa pakhungu penipeni n'kusuzumira nthawi yaitali. Atamva kuti ndine wa m'dimba anandiitana kuti ndisuzumire nanenso. Khungu la kuphazi lili ndi mizere ngati munda wolimidwa bwino. Anati banga wamba kawirikawiri mtundu wake umatsata m'tinjira ta pakati pa mizere, koma ili mtundu wakwera pamsana pa mizere. Ndinaonadi. Ndinaonanso kuti kufiirira kwina kofooka kunapitirira malire amene maso anga ankati ndiye pothera banga.

Dokotala anafunsa funso lomwe lija la mlamu, kuti layamba liti ndipo lasintha bwanji. Mkazi wanga anati mwina n'chibadwire. Ine ndinati sizingatheke. Tinayamba kutsutsana pomwepo, ndipo pakati pa kutsutsanako ndinakumbukira chithunzi china. Chaka chatsopano china, zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo, tinapita kunyanja ndi anzathu a kutchalitchi. Iye anakhala pachitenje atatambasula miyendo, ine n'kumujambula nditagwada kumapazi. Chithunzicho anachida, anati mapazi atuluka aakulu kuposa nkhope ndipo ndichifufute. Sindinafufute, chifukwa ankaseka bwino mmenemo. Ndinachisaka m'foni, ndinachipeza, dokotala n'kuchikulitsa ndi zala. Mchenga unali utamatirira kuphazi, koma chakutsogolo kwa chidendene chamanzere kanalipo, kadontho kakang'ono ngati njere ya mapira.

Dokotala anaika chithunzi chakalecho pambali pa cha thu randi chija. Anati chakalechi sichikuoneka bwino moti sangalumbirire, koma chikugwirizana ndi zimene zala ndi galasi lake zamuuza: chinthuchi chakula. Anati chithunzi chimodzi chimaonetsa tsiku limodzi, ziwiri zimaonetsa ulendo. Ndinafunsa kuti ndiye ndi chiyani. Anayankha mosazungulira, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Anati akukayikira khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, imene kwa anthu akuda imakonda kupansi kwa phazi, m'zikhatho ndi pansi pa zikhadabo. Koma anati ngakhale iye amene wagwira ndi manja sangatsimikize mpaka atadula kanyama n'kukapima, chifukwa kupimako ndi kumene kudzanene ngati ilidi khansa ndiponso kuti yalowa pansi motani. Kuzama kwakeko ndiye kudzalamule zonse zotsatira.

Anabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kudula tsiku lomwelo. Pobwerera m'takisi mkazi wanga anatsamira paphewa panga, phazi lili m'bandeji, n'kuyamba kundilankhula m'Chichewa chapansipansi za mbatata zimene mayi ake anabzala. Anthu anali thothotho. Sindinamukumbutse.

Masabata odikira aja ndinali munthu woipa kukhala naye. Ndinakangana ndi kondakitala, ndinakangana ndi mwini nyumba chifukwa cha mpopi, ndinadula maluwa a bwana wina mopitiriza muyezo. Kunyumba kokha ndi kumene ndinkalowa ngati mphaka. Mlamu ankaimba pafupipafupi, ndipo tonse awiri tinkalankhula mwaulemu ngati anthu okumana pamaliro, zimene zinkandinyansa koopsa.

Zotsatira zinati ndi khansa ija. Dokotala anati yalowa pansi ndithu koma osati kwambiri, ndipo tikanadikira chaka china nkhani ikanakhala ina. Anachita opaleshoni, anachotsa banga lonse pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, n'kumatapo chigamba cha khungu lochokera pantchafu pake. Anachotsanso kamwanabere kamodzi m'phechepeche kuti akaone ngati matenda anali atayamba ulendo, pakuti anati ngakhale zala zake sizingamve tating'ono kwambiri. Kanapezeka kopanda matenda. Tsiku limene anatiuza zimenezi ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa galimoto ya eni ake kwa kanthawi. Mlonda anabwera kudzandifunsa chimene ndikufuna pagalimotopo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalephera kumuyankha munthu mwaukali.

Anakhala nthawi yaitali osaponda. Ndinkamunyamula kupita naye kubafa, iye akudandaula kuti anthu a pabwalo akuona. Ndinaphunzira kusita, moipa. Mayi wina wa kutchalitchi anamugwirira ntchito ku Musgrave mpaka atachira, ndipo madamu aja, amene tinkawaopa, anangotumiza uthenga woti abwere akakhala bwino, n'kumugulira mpando wautali woti azikhalira posita. Panopa amayenda, motsimphina pang'ono kukazizira, ndi kasiponji mu nsapato. Kuchipatala timapitabe masiku amene amatipatsa. Ulendo uliwonse amavula, dokotala amayamba ndi kumutu mpaka kuzala, amadina m'phechepeche, ndipo ine ndimakhala pampando wanga osauzidwa. Anatiuza poyera kuti matendawa amatha kubwerera, n'chifukwa chake sititaya tsiku.

A kwathu amabwerabe kwa ine ndi zotupa zawo kuti nditumize kumudzi. Ndimajambula, panja, popanda fulashi, ndalama ili pambali. Wina akabwera atadzola mafuta ndimamubweza kuti akasambe. Mlamu akati uyu apite akamugwire, ndimamuperekeza ndekha ngati ndili ndi mpata, ndipo amene amakana ndimamukalipira mpaka amapita pongofuna kuti ndimusiye.

Mwala uja ndinaubweza, koma phazi lamanzere salikwechanso. Lamulungu loyamba la mwezi akamaliza kuviika mapazi ndimakhala pasimenti n'kuwaika pamwendo panga. Ndimayamba ndi zala, chimodzichimodzi, pakati pake, zikhadabo, kenako m'mphepete mwa chigamba chija, kudina pang'onopang'ono monga ndinaonera. Iye amati ndimamugirigisha dala. Ndikatha ndimajambula mapazi onse awiri, thu randi ili pambali, n'kusunga kuti dokotala akafananize ndi za mwezi watha. Vaselini amabwera pambuyo, chithunzi chitajambulidwa, ndipo ndimadzoza ndine.

Mwezi wina ndinatumizako chimodzi kwa mlamu, ming'alu yonse ili poyera. Mawu ojambula anabwera nthawi yomweyo. Anati chilonda chapola bwino mmene chikuonekera, koma tisaphonye tsiku la kuchipatala. Kenako anakhosomola n'kufunsa kuti kodi wakuba iwe, Joni yonseyo yasowa mafuta odzola, kuti mlongo wanga aziyenda ndi zidendene ngati za ng'ona?

Ndinamutukwana bwinobwino, mpaka mkazi wanga ananditsina ndi zala za kuphazi.